Dipisi ndi pulasitiki wapansi pa silabu: komwe zimaikidwa ndi chifukwa chake khoma limayoyoka m'munsi

Nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini ndi madera ena otsika a mu Chipata zili ndi chizindikiro chofanana. Kuyambira pansi kufika cha m'mawondo kapena m'chiuno, penti yatukusira, pulasitala akuyoyoka, ndipo pamwamba pa malo owonongekawo pali mzere wokhotakhota wa ufa woyera. Eni nyumba amati simenti inachepa. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri vuto ndi chinyezi chochokera m'nthaka.

Njerwa yootcha, buloko ndi matope omangira zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti timakoka madzi kupita m'mwamba monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Madziwo amakwera mpaka pamene omwe akuuma ndi mphepo alingana ndi omwe akulowa pansi, ndipo nthawi zambiri amalekeza pafupi ndi mita imodzi. Chowononga kwenikweni ndi mchere wa m'nthaka umene madziwo amanyamula. Madzi akauma mcherewo umatsala, n'kumaundana m'timabowo tija ndi kuseri kwa penti, ndipo poundanapo umakankha pulasitala mpaka kumuphwanya. N'chifukwa chake khoma limanyowa m'dzinja koma limayoyoka kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likaphulika. M'nyumba mumanunkha chuku, mafulemu achitsulo amachita dzimbiri m'munsi, ndipo amatabwa amaola n'kuitana chiswe.

Zotchinga zake ndi ziwiri. Dipisi ndi lamba wa pulasitiki wolimba kapena waphula amene amayalidwa m'kati mwa khoma, pamzere umodzi kuzungulira nyumba yonse, pamodzi ndi makoma a m'kati. Dipiyemu ndi chinsalu chachikulu cha pulasitiki, kawirikawiri chakuda, chimene chimayalidwa pansi pa silabu.

Dipiyemu ndiye amayamba. Bokosi la maziko, kutanthauza malo a m'kati mwa makoma a maziko, likadzazidwa ndi dothi lagalavulo, mulisinje bwino m'magawo osapitirira masentimita 15 pa nthawi imodzi. Pamwamba mwazepo mchenga wosefa wokwana masentimita 5, kuti miyala isabowole pulasitiki. Mankhwala a chiswe athiridwe pulasitiki asanayalidwe. Pulasitikiyo akhale wokhuthala mamaikuloni 250 kapena kuposa. Uja wopyapyala wofunditsira chimanga amang'ambika ndi wilibala yoyamba. Polumikiza, chinsalu china chikwere pa chinzake masentimita 20 mpaka 30, ndipo mumate ndi tepi. Pamene paipi ikutulukira, dulani bowo lothina n'kumata mozungulira. Tsiku lothira konkire yalani matabwa oti wilibala iziyendapo, ndipo wina aime pambali ndi tepi kuti azimata pamene waya wa m'silabu wabowola.

Dipisi malo ake ndi osachepera masentimita 15 pamwamba pa nthaka yakunja, pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Nthaka yake ndi ija idzakhalepo pabwalo pakadzasalazidwa, osati ya tsiku lomanga. Masentimita 15 amenewa ndi oti madzi a mvula ochokera padenga akamenya pansi n'kuthovukira kukhoma, agwere kunsi kwa lambayo. Kuno amisiri ambiri amathira silabu mpaka kuphimba khoma la maziko, ndiye dipisi amakhala pamwamba pa silabu, pansi pa mzere woyamba. Yalani kaye matope osalala, ikani lamba matope asanaume, thiraninso matope pamwamba, kenako njerwa. Kumuyala pa konkire wouma wa timiyala tosongoka ndi kumubowola nokha. M'lifupi afanane ndi khoma: buloko ya mainchi 6 imafuna lamba wa masentimita 15, khoma la njerwa ziwiri limafuna wa masentimita 23. Polumikiza ndi m'makona akwerane masentimita 15.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaiwalika kwambiri. Dipisi ndi dipiyemu ziyenera kukumana. Dipiyemu asadulidwe pothera dothi la m'bokosi. Asiyidwe wautali kuti adutse pamwamba pa khoma la maziko, kapena apindidwe m'mwamba m'mbali mwa silabu n'kukagona pansi pa dipisi. Pakatsala mpata, ngakhale wa zala ziwiri, chinyezi chimadzera pomwepo, ndipo mudzaona matailosi a m'mbali mwa khoma akuda m'mizere.

Titenge nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi. Silabu yake ndi masikweya mita 80, koma kuwonjezera zolumikiza ndi zopinda m'mbali mugule pulasitiki wokwana pafupifupi 100. Makoma akunja ndi mamita 36. Ngati a m'kati ndi mamita 24, dipisi ndi mamita 60 musanawerenge makona ndi zolumikiza. Mpukutu ukakhala wa mamita 30, iwiri sikwana. Apa mpamene mmisiri amati “bwana, tingomalizira ndi mapepala a simenti”. Musalole. Pepala limaola, ndipo mpukutu wachitatu ndi wotchipa kuposa kugumula pulasitala wa chipinda chimodzi.

Nyumba zambiri zodwala chinyezi dipisi zili naye, koma anadumphidwa. Pulasitala wakunja akamatidwa kuchokera pamwamba mpaka kukhudza dothi, madzi amakwera m'pulasitalamo n'kulambalala lamba. Pamafunika kudula kamzere m'pulasitala molunjika ndi dipisi, kapena kulekeza pulasitala wapamwamba pomwepo. Chimodzimodzi maluwa obzala motsamira khoma, mulu wa mchenga wotsala pomanga, ndi khonde kapena mapeva oikidwa pambuyo pake mokwera kuposa lamba. Nyumba za m'mphepete mwa mapiri ozungulira Chipata zili ndi vuto lina: chaka ndi chaka madzi amatsitsa dothi n'kuliunjika kukhoma la kumtunda, mpaka dipisi amene anali pamwamba akwiririka.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti chinyezicho chikuchokeradi pansi. Chokwera chimayambira pansi penipeni, chimakhala m'munsi mokha ndipo chili ndi mzere wa mchere uja. Chigamba chonyowa chapakati pa khoma, kapena kuseri kwa bafa, ndi paipi yodontha kapena mng'alu. Pa silabu, matani pulasitiki woonekera m'kati, wa theka la mita mbali zonse, n'kumusiya masiku atatu. Mukapeza madontho kunsi kwake, madzi akuchokera m'nthaka.

Pokonza yambani ndi zotchipa. Chotsani dothi mpaka dipisi aonekere ndi masentimita 15 ake, kumbani ngalande yopatutsa madzi, dulani pulasitala wodumpha lamba. Kenako gumulani pulasitala wamchere mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere wa mchere uja, chifukwa mchere wotsalira umakoka chinyezi cha mumpweya ngakhale gwero litatsekedwa. Khoma lisiyeni liume. Amisiri amawerengera pafupifupi mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka a kukhuthala kwa khoma, kotero la njerwa ziwiri lingatenge miyezi 9. Kupaka penti ya oilo kapena kumata matailosi pakhoma lonyowa kumangotseka potulukira, ndipo chinyezi chimakwera n'kukaonekera pamwamba pake.

Ngati dipisi mulibemo m'pang'ono pomwe, angalowetsedwe pogoba mzere wa matope, osapitirira mita imodzi pa nthawi, modumphadumpha. Mulowetse lamba, mutseke ndi matope olimba, ndipo mudikire aume musanagobe gawo loyandikana nalo. Khoma la mng'alu, kapena lomangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, lisagobedwe injiniya asanalione.