Mliri: zomwe mawu a epidemiki, awutibuleki ndi pandemiki amatanthauza

Uthenga wa zaumoyo kwa anthu a ku Mangochi

M'Chichewa tili ndi mawu amodzi, mliri. Kolera ikagwira mudzi umodzi timati mliri, Kovidi-19 itazungulira dziko lonse tinatinso mliri. Koma madokotala ndi atolankhani akamalankhula Chingerezi pawailesi amasiyanitsa mawu atatu: awutibuleki, epidemiki ndi pandemiki. Ambiri akamva amaganiza kuti mawuwa akuyeza kuopsa kwa matenda. Ayi, si choncho. Mawuwa amayankha mafunso awiri okha: kodi odwala achuluka kuposa masiku onse? Nanga matendawa afika mpaka pati?

Kuti timvetse, tiyambe ndi matenda omwe tili nawo kale. Malungo sachoka kuno, ndipo ana ambiri osamba m'nyanja amadwala likodzo. Matenda okhazikika m'dera chonchi amatchedwa endemiki. Malungo amapha, makamaka ana osakwana zaka zisanu, koma odwala akachuluka m'nyengo ya dzinja monga amachitira chaka chilichonse, a zaumoyo sanena kuti kwagwa epidemiki, chifukwa kuchulukako kunkayembekezereka.

Epidemiki ndi pamene anthu odwala matenda ena achuluka kwambiri kuposa chiwerengero chomwe chimayembekezereka m'deralo pa nyengo imeneyo. Pamenepa mpomwe pagona nkhani: chiwerengero cha lero chimayerekezeredwa ndi cha zaka zam'mbuyo, dera lomwelo, miyezi yomweyo. Tiyerekeze kuti chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja chimalandira anthu asanu otsekula m'mimba pa sabata mwezi wa Okutobala. Chaka chino sabata imodzi abwera 30, ambiri ochokera padoko limodzi. Apo pali vuto. Koma chipatala chachikulu chomwe chimalandira 30 sabata iliyonse sichingadabwe ndi nambala yomweyo. N'chifukwa chake zipatala zimatumiza malipoti ku ofesi ya zaumoyo ya boma sabata iliyonse, ngakhale sabata yomwe sipanapezeke wodwala. Popanda kaundula wa masiku abwino simungazindikire masiku oipa.

Awutibuleki ndi chimene timati matenda abuka. Muyezo wake ndi womwewo, odwala aposa masiku onse, koma kawirikawiri ndi pamalo ochepa, monga mudzi, sukulu yogonera konko, ndende kapena doko la asodzi, ndipo nthawi zambiri gwero limapezeka: chitsime chimodzi, kapena chakudya cha pamaliro kapena paukwati. Palibe nambala yoikika yonena kuti apa awutibuleki yatha, epidemiki yayamba, ndipo akatswiri ena amagwiritsa ntchito mawu awiriwa mosinthanitsa. Mukamva wailesi ina ikunena limodzi, ina ikunena linalo, musaganize kuti wina akubisa zoona.

Nthawi zina wodwala mmodzi yekha amakwanira. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti poliyo yabuka mwana mmodzi atapezeka nayo ku Lilongwe. Poliyo ya mtundu umenewo inali itatha zaka pafupifupi 30 isanaoneke m'Malawi, choncho chiwerengero choyembekezereka chinali ziro. Komanso mwana mmodzi akalumala ndi poliyo, pamakhala ena ambiri onyamula kachilomboko osaonetsa chizindikiro. Ichi n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana, ngakhale kuno kutali ndi Lilongwe.

Kolera ya 2022 ndi 2023 imatiphunzitsa bwino kusiyana kumeneku, ndipo ife a ku Mangochi sitinaimve pawailesi pokha. Wodwala woyamba anapezeka kwa aneba athu ku Machinga kumayambiriro kwa Malichi 2022, dziko likulimbana ndi madzi osefukira a namondwe Ana, ndipo namondwe wina, Gombe, anafika mwezi womwewo. Poyamba matendawa anali m'maboma ochepa a kum'mwera. Imeneyo inali awutibuleki.

Chomwe chinadetsa nkhawa a zaumoyo n'chakuti kolera, yomwe nthawi zambiri imabwera ndi mvula n'kutha dzinja likatha, sinathe. Inapitirira m'chilimwe chonse, n'kufika m'maboma a m'mbali mwa nyanja mpaka kumpoto. Odwala anaposa zomwe zimayembekezereka, pa nyengo yosayembekezereka, m'madera ambiri nthawi imodzi. Apa mawu oti epidemiki anali oyenera, ngakhale malipoti ambiri anapitiriza kunena kuti awutibuleki. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analengeza kuti kolera yasanduka ngozi ya zaumoyo. Matendawa anafika m'maboma onse, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. M'dziko lonse anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira.

Taonani nambala ziwirizo. Zikutanthauza kuti pa odwala 100 aliwonse, pafupifupi atatu anamwalira. Thandizo likafika msanga, omwalira ndi kolera sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100. Nambala ya atatu pa 100 ija, osati dzina lomwe mliri wapatsidwa, ndiyo imasonyeza kuti odwala ambiri ankafika kuchipatala mochedwa, madzi atatha kale m'thupi.

Pandemiki ndi epidemiki yomwe yadutsa malire a mayiko ambiri ndi makontinenti. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatcha Kovidi-19 kuti pandemiki pa 11 Malichi 2020, pomwe ku Malawi odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ndiye kuti tinali m'nthawi ya pandemiki kwa masabata atatu tisanapeze wodwala ndi mmodzi yemwe. Mawuwa amanena za kukula kwa dera, sanena zomwe zikuchitika m'mudzi mwanu lero.

Tsono mukamva nkhani ya mliri, funsani: ndi matenda ati, ali kuti, ndipo odwala atsopano a sabata ino ndi ochuluka kapena ochepa poyerekeza ndi sabata yatha? Chiwerengero cha onse omwe adwala chiyambireni chimangokwera, ngakhale mliri ukutha, choncho musachite nacho mantha chokhacho. Dziwaninso kuti nambala zimatha kukwera chifukwa choti ayamba kuyeza anthu ambiri, ndipo zimatha kuoneka zochepa chifukwa odwala akubisidwa m'nyumba. Chachiwirichi n'chomwe chimatipweteka ife.

Kuwerenga kumayambira m'mudzi. Munthu wamkulu kapena mwana wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo akayamba kutsekula m'mimba zamadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, maso kulowa m'kati, khungu osabwerera msanga mukalitsina, musadikire chilengezo chilichonse. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, mumwetseni pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo pitirizani kumumwetsa muli panjira yopita kuchipatala. Kolera imatha kupha m'maola ochepa. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena a mfumu tsiku lomwelo, ndipo muwauze komwe wodwalayo amatunga madzi, zomwe anadya m'masiku asanu apitawo, komanso ngati anali kunyanja, doko lomwe anachokera.