Kalata yofotokoza cholinga chanu: chotsani mawu okometsera, lembani zimene zinachitika

Mukamafunsira malo a digiri ya masitazi kapena yaudokotala wa zamaphunziro, yotchedwa PhD, yunivesite imapempha kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowo. Nthawi zambiri amakuikirani malire a mawu 500 mpaka 1,000, tsamba limodzi kapena awiri. Amene amaiwerenga ndi aphunzitsi a m'dipatimentiyo, ndipo amakhala ndi mulu wa makalata patsogolo pawo. Magiredi anu awaona kale pa mapepala ena. M'kalatamu akufuna kumva ngati mukudziwa chimene mukubwerera, komanso ngati iwo ali nacho.

Makalata ambiri amagwa pa chiganizo choyamba chomwe. Tiyerekeze namwino amene akufuna masitazi ya kafalidwe ka matenda, ndipo wayamba motere:

"Kuyambira ndili mwana ndakhala ndi mtima wofunitsitsa kuthandiza anthu ovutika, ndipo ndikukhulupirira kuti yunivesite yanu yotchuka idzandithandiza kukwaniritsa maloto anga."

Mwina akunena zoona. Vuto ndi lakuti wowerenga alibe pogwira. Chiganizochi chikungonena za mumtima, ndipo zamumtima palibe angazitsimikize. Chiyeseni m'njira ziwiri. Poyamba bisani dzina la wolemba, mudzifunse ngati wina aliyense wofunsira malo omwewo angasayine pansi pake osanama. Kenako sinthani dzina la yunivesite, muone ngati chiganizocho chikuyendabe bwinobwino. Chikapirira mayeso onse awiri osasintha, ndiye kuti sichikunena za inu kapena za iwo, ndipo chichoke.

Kuchotsa sikuvuta. Chovuta ndi kupeza choikapo, ndipo chimenecho sichipezeka posinthasintha mawu. Siyani kaye kalatayo, mutenge pepala lina, muyankhe mafunso awa mosakometsera: ndinaona chiyani, kuti, liti? Ndinachitapo chiyani ineyo? Ndinakakamira pati? Namwino wathuyu akayankha, tinene kuti zikutuluka izi. Wagwira ntchito zaka zitatu pa chipatala cha odwala chifuwa chachikulu. Mankhwala a matendawa, matendawo akakhala osakana mankhwala, amamwedwa miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri. Iye anaona kuti odwala ena amasowa akangoyamba kupeza bwino. Anatenga mafayilo a odwala 120 a chaka chimodzi n'kuwerenga. Anapeza kuti 18 anasiyira panjira, ndipo ambiri mwa iwo ankachokera kutali. Apa ndi pamene anakakamira, chifukwa ochokera kutaliwo analinso anthu opeza movutikira, ndipo sanathe kusiyanitsa ngati chowalepheretsa chinali mtunda kapena kusowa ndalama.

Ndime yoyamba ija ingalembedwenso chonchi:

"Pa zaka zitatu zimene ndagwira ntchito ndi odwala chifuwa chachikulu, ndinaona kuti ena amasiya kubwera pambuyo pa mwezi wachiwiri. Nditaunika mafayilo 120 a chaka chimodzi, ndinapeza kuti 18 sanamalize mankhwala, ndipo ambiri ankachokera kutali. Koma omwewo analinso osauka, ndipo ndinalibe luso lolekanitsira zifukwa ziwirizi. Ndikufuna kuphunzira kakonzedwe ka kafukufuku ndi kaunikidwe ka ziwerengero kuti ndithe kuyankha funso ngati limeneli."

M'ndimeyi mulibe mawu akuti "ndine wakhama" kapena "ndimakonda odwala". Wowerenga wadzionera yekha, pakuti munthu waulesi sakhala pansi n'kuwerenga mafayilo 120 popanda womutuma.

Gawo limene ambiri amaliopa ndi lovomera pamene anakakamira. Amaganiza kuti kunena "sindinathe" n'kudzichepsera mwayi. Kunena zoona, pamenepa ndi pamene pali mtima wa kalata yonse. Ngati zonse mumazitha kale, mukudzatani kusukulu? Chofunika ndi chakuti kuperewerako kukhale kwa luso lodziwika ndi dzina lake, limene maphunzirowo amaphunzitsa. "Ndikufuna kuonjezera nzeru" sikunena kanthu. "Sindidziwa kusankha chiwerengero choyenera cha anthu ofunsidwa pa kafukufuku" ndi chosowa chimene mphunzitsi angachizindikire, n'kuona kuti kosi yake ikuchitseka.

Kuchokera apo kalata imalowa kwa a yunivesite. Werengani ndandanda wa makosi a chaka chimene mukufunsira, osati wa zaka zapitazo, musankhe awiri kapena atatu okhudzana ndi chosowa chanu. Pa kosi iliyonse lembani chimene mudzachite nayo. Kungondandalika mayina sikuthandiza, eni ake amawadziwa kale. Ngati mukutchula pulofesa, werengani kaye pepala limodzi kapena awiri mwa amene analemba posachedwa, munene pamene ntchito yake ikukumana ndi funso lanu. Onetsetsaninso kuti akadalipo. Kutchula munthu amene anapuma pantchito kapena anasamukira kwina kumaulula nthawi yomweyo kuti simunafufuze. Pa digiri yaudokotala gawo limeneli ndi lolemera kwambiri, chifukwa m'madipatimenti ambiri satenga wophunzira popanda woti amuyang'anire.

Kagawidwe ka mawu kamathandiza kuona ngati kalata yapendekera mbali imodzi. Pa kalata ya mawu 800, mawu ngati 150 apite ku nkhani yoyambira ija, 300 ku maphunziro ndi ntchito zimene zakukonzekeretsani, 250 ku zimene mukufuna kwa iwo, ndipo otsalawo ku ntchito imene mukulinga mukamaliza. Si lamulo ayi, koma mukaona kuti theka la kalata latha musanatchule maphunzirowo, mwasochera. Pa zam'tsogolo, nenani ntchito yooneka ndi maso, monga kuyang'anira kalondolondo wa odwala m'zipatala zingapo, osati "kusintha dziko".

Palinso kuphonya kwa mbali inayo. Munthu akamva kuti mawu okometsera ndi oipa, nthawi zina amadzaza kalata ndi zaka, maudindo ndi masatifiketi, mpaka kukhala ngati wabwereza chikalata cha mbiri yake ya ntchito. Chizindikiro chake n'chakuti mutha kusinthanitsa ndime popanda chosokonekera. Ndime za kalata yabwino zimagwirana ndi mawu ngati "chifukwa cha ichi" kapena "koma", ndipo mukasuntha imodzi tanthauzo limaduka. Zinthu ziwiri zofotokozedwa mozama zimaposa zisanu ndi ziwiri zongotchulidwa.

Samalaninso ndi "tinachita". Ngati ntchito inali ya gulu, nenani choncho, kenako mupatule gawo lanu: gulu linasonkhanitsa mayankho, ine ndinawakonza ndi kuwaunika. Ziwerengero zikhale zimene mungaziteteze mutafunsidwa pamaso, ndipo zigwirizane ndi zimene okuchitirani umboni adzalembe. Ngati simukukumbukira nambala yeniyeni, nenani kuti "pafupifupi", musapeke. Ogwira ntchito zaumoyo asatchule dzina la wodwala kapena chilichonse chomuzindikiritsa.

Mukamaliza, perekani kalatayo kwa munthu amene sadziwa bwino ntchito yanu. Aiwerenge kamodzi, aitembenuze, kenako akuuzeni ndi pakamwa funso limene mukufuna kuyankha ndi chifukwa chimene mwasankhira maphunziro amenewa. Akayankha kuti mumakonda kuthandiza anthu, bwererani ku pepala la mafunso atatu lija, chifukwa nkhani yanu sinalowebe m'kalatamo.