Mwana wobadwa masiku asanakwane: katemera timawerengera kuyambira tsiku lobadwa

Mayi wina wa kumidzi ya ku Domwe, m'boma la Angoniya, watilembera kalata kusikelo kwathu. Ndachotsa dzina ndi mudzi, ndipo mayiyo wavomera kuti ndiyankhire pano chifukwa nkhawa yakeyi ndi ya amayi ambiri.

"Anamwino, ndili ndi nkhawa. Mwana wanga anabadwa pa 4 Malichi mimba ili ndi masabata 33, akulemera makilogalamu 1.7. Tinakhala m'chipatala masabata atatu, ndikumusunga pachifuwa. Potuluka anandiuza kuti katemera adzalandira akalemera. Pano wakwanitsa miyezi itatu, akulemera makilogalamu 3.4, koma pakhadi lake sipanalembedwe katemera ngakhale mmodzi. Apongozi akuti tiziwerenga kuyambira tsiku limene amayenera kubadwa, kumapeto kwa Epulo, ndiye kuti akadali wakhanda, jekeseni ingamupweteke. Anzake amene anabadwa naye mwezi umodzi abayidwa kale kawiri. Kodi ndachedwa moti sizingathekenso? Kapena ndidikirebe?"

Mayi, musadikirenso, ndipo simunachedwe moti n'kukanika kukonza. Bwerani naye sabata ino, khadi lili m'manja.

Apongozi anu sanalakwitse zonse. Tikamaona ngati mwana wotere akukula bwino, kaya wayamba kumwetulira, kulimba khosi kapena kukhala pansi, timachotseradi masabata amene anaperewera m'mimba. Wanuyu anaperewera masabata 7, choncho akachedwa kukhala poyerekeza ndi anzake a Malichi sitidabwa. Koma pa katemera mawerengedwe ake ndi ena. Timayambira tsiku limene anatuluka m'mimba, chifukwa kuyambira tsiku limenelo akupuma mpweya umodzi ndi anthu a pakhomo, akugwidwa ndi manja a alendo odzaona mwana, ndipo tizilombo toyambitsa matenda tikumufikira monga tifikira mwana wina aliyense.

Chifukwa chachikulu chili m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Nthawi imeneyi ndi imene mayi amapatsira mwana chitetezo chochuluka kudzera m'nsengwa, ndipo chochuluka kwambiri chimadutsa m'masabata omalizira enieni. Chili ngati kamba wa paulendo: wobadwa masiku atakwana amanyamuka thumba litadzaza, pamene wa masabata 33 amanyamuka litangofika pakati, ndipo limatha msanga. Ndiye mwana amene anthu amamuona kuti ndi wofooka, sangapirire jekeseni, ndi yemweyo amene akufunika katemera mofulumira kuposa anzake onenepa aja.

Matenda amene amandidetsa nkhawa kwambiri pa ana otere ndi chifuwa chokoka mtima. Munthu wamkulu kapena mwana wa sukulu amangotsokomola kwa masabata angapo, osadziwa n'komwe chimene ali nacho, n'kupatsira khanda. Khandalo nthawi zambiri silitsokomola mokoka muja timadziwira. Limangosiya kupuma kwa kanthawi, milomo n'kuda, kenako n'kuyambiranso. Mayi akhoza kuganiza kuti latsamwa mkaka. Pamodzi ndi chibayo komanso kutsegula m'mimba, awa ndi matenda amene katemera wa pa miyezi iwiri amayamba kutchinga. Poliyo nayenso si nkhani yakale kuno kwathu: m'chaka cha 2022 anapezeka mwa mwana m'boma la Changara, miyezi yochepa atapezekanso ku Lilongwe, ndipo ndi chifukwa chake achipatala anayenda khomo ndi khomo kudontheza ana mobwerezabwereza. Madontho a pamakomo amenewo ndi owonjezera chabe, salowa m'malo mwa katemera wa kusikelo.

Nanga bwanji sanam'patse katemera tsiku lobadwa? Mwana akabadwa ku Mozambiki amayenera kulandira awiri: bisiji, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho oyamba a poliyo. Mwana akabadwa wochepa kwambiri, akuvutika kupuma kapena kuyamwa, ali pa mankhwala a m'mitsempha, achipatala amayamba aimika katemerayu mpaka mwanayo akhazikike. Kumeneko si kulakwitsa. Vuto limabwera potuluka. Mawu akuti "akalemera" alibe tsiku, alibe nambala ya pasikelo, ndipo mayi amapita nawo kumudzi n'kumadikira kulemera kumene sakudziwa kuti n'kotani. Kwa anzanga a ntchito ndinena poyera: tisamatulutse mwana wotere popanda kulemba tsiku lobwerera pakhadi. Kwa amayi, mukauzidwa kuti mudikire, funsani kuti mudikire mpaka liti, ndipo pemphani alembe.

Bisiji ali ndi kachifukwa kenanso komwe kamachedwetsa. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi mlingo wa ana 20, ndipo tikakasungunula kamayenera kutayidwa pakatha maola 6. N'chifukwa chake zipatala zing'onozing'ono zambiri zimasankha tsiku lobayira bisiji kuti ana akhale ochulukirapo. Ngati mukuchokera kutali, funsani tsikulo musananyamuke. Koma mukafika tsiku lina, musalole kubwerera chimanjamanja: akatemera enawo sadikira bisiji, mwana alandire amene alipo tsiku lomwelo.

Tsopano tiyale ndondomeko ya mwana wanuyu, tiyerekeze kuti mwabwera pa 6 Juni. Tsiku limenelo adzalandira zonse zimene zinayenera kuperekedwa pa 4 Meyi, atakwana miyezi iwiri. Pakamwa tidzam'dontheza madontho awiri a poliyo ndi kum'mwetsa katemera wa rota, woteteza ku kutsegula m'mimba. Pantchafu ina tidzabaya penta, jekeseni imodzi yotchinga matenda asanu: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda otseka kukhosi, matenda otupa chiwindi, ndi kachilombo kena koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Pantchafu inayo tidzabaya katemera wa chibayo. Bisiji tidzabaya pakhungu la pamkono, kapena tsiku lake likafika. Madontho a poliyo a tsiku lobadwa aja sitiwabweza. Nthawi yake inadutsa, ndipo sawerengedwa m'gulu la maulendo atatu amene akubwerawa.

Ndikudziwa kuti mtima wa mayi umapweteka kuona kamwana ka makilogalamu atatu kakubayidwa katatu tsiku limodzi. Amayi ena amatipempha kuti tichepetse mlingo, kapena tibaye imodzi lero ina mwezi wamawa. Ayi, mlingo sitichepetsa. Katemera sali ngati mankhwala a malungo amene timayeza potengera kulemera. Ntchito yake ndi kuphunzitsa thupi kuzindikira matenda, ndipo theka la mlingo likhoza kusiya mwana wosatetezeka pamene khadi likunena kuti anabayidwa. Kumwaza jekeseni m'miyezi yambiri kumangotalikitsa nthawi imene mwana ali pangozi, n'kuchulukitsanso maulendo a kuchipatala. Chimene chimathandiza ndi kum'yamwitsa pamene tikubaya, kapena kum'fungatira pachifuwa khungu ndi khungu monga munkachitira m'chipatala muja.

Ulendo wachiwiri ndi pakatha masabata anayi athunthu, pa 4 Julayi: poliyo, penta ndi rota kachiwiri. Wachitatu pa 1 Ogasiti: poliyo ndi penta kachitatu, poliyo wa jekeseni, ndi katemera wa chibayo kachiwiri. Masabata anayiwo sitiwadula pofuna kuthamangira anzake, chifukwa thupi limafuna nthawi yoti ligwire phunziro loyamba lisanalandire lachiwiri. Mukatsata masiku amenewa, mwana adzamaliza asanakwanitse miyezi isanu, mwezi umodzi wokha kumbuyo kwa anzake. Katemera wa chikuku sasuntha, ndi pa miyezi 9 kuwerengera pa 4 Malichi, ndiye kuti kumayambiriro kwa Disembala, pamodzi ndi wa chibayo womaliza. Wachiwiri wa chikuku ndi pa chaka ndi theka.

Pa onsewa, wa rota ndi amene salola kuzengereza. Amayenera kuyambidwa mwana akadali wamng'ono, m'miyezi yoyambirira, ndipo mwana akapitirira msinkhu woikidwa akhoza kumuphonya. Enawo ngakhale mutadumphitsa mwezi, mvula itadula msewu kapena mwana atadwala, sitiyambiranso pachiyambi. Timapitiriza pamene tinalekera. Ndaona amayi akubisa khadi chifukwa cha manyazi kuti anadumphitsa, n'kunena kuti linatayika. Musatero, chonde. Khadilo ndi limene limatiuza poyambira.

Amene muli ndi abale ku Dedza kapena ku Ntcheu mudzamva kuti kumeneko ana amayamba pa masabata 6, kenako 10 ndi 14, pamene kuno ndi miyezi 2, 3 ndi 4. Zonse ziwiri n'zoyenera, ndipo matenda otchingidwa ndi omwewo. Mukawoloka malire nyamulani khadi lomwelo, kuti mwana asabayidwe kawiri kapena kuphonya.

Pali nthawi zochepa zimene timaimikadi katemera. Mwana akabwera akutentha thupi kwambiri, akupuma movutika kapena akukana bere, timayamba tachiza matendawo. Chimfine chaching'ono kapena kuonda kokha si chifukwa choimikira. Pa bisiji, tiuzeni ngati muli ndi kachilombo koyambitsa Edzi, kuti tione zotsatira za magazi a mwana ndi mmene alili tisanabaye. Tiuzeninso ngati inu kapena wina wa m'nyumba akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, chifukwa mwana angafunike kuyamba walandira mankhwala oteteza, bisiji n'kubwera pambuyo. Ana obadwa mimba isanapitirire masabata 28, kapena amene ankasiyasiya kupuma ali m'chipatala, ndi bwino katemera woyamba aperekedwe pamalo pamene angayang'aniridwe kapumidwe kwa masiku awiri kapena atatu. Wanu wa masabata 33 amene akuyamwa ndi kunenepa bwino sali m'gulu limenelo, komabe munene ngati vuto la kupumalo linamuchitikirapo.

Mukafika kunyumba, yembekezerani kuti atentha thupi pang'ono, aliralira, ndipo pantchafu patupa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi, musam'fundike zofunda zambiri, ndipo musatikite kapena kuthowa pobayidwapo ndi madzi otentha. Panado wa ana m'patseni pokhapokha namwino wakuyezerani mlingo molingana ndi kulemera kwake. Musagamule piritsi la akulu. Pamene pabayidwa bisiji pamatuluka kachotupa pakatha masabata awiri mpaka anayi, kamaphulika, n'kupola pang'onopang'ono kusiya chipsera. Musafinye, musapake kanthu.

Koma mwana akasiya kupuma ngakhale kwa kanthawi, milomo ikada, akakana bere maulendo awiri otsatizana, akalefuka osadzuka, akayamba kukomoka, kapena thupi likapitirira kutentha masiku awiri, musanene kuti ndi katemera chabe. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mutam'sunga pachifuwa kuti asazizidwe panjira.