Maimelo afika 20, nanga mwagwirizana chiyani?

Pa ntchito yanga ya ulembi mu ofesi, zimandipweteka mtima kuona anthu akulemberana maimelo sabata yathunthu, aliyense n'kumaganiza kuti nkhani yatha, pomwe palibe amene wasenza ntchito iliyonse. Mankhwala ake ndi uthenga umodzi womanga nkhani yonse.

Tiyerekeze kuti mukukonza maphunziro a ogwira ntchito ndipo maimelo afika 20. Awerengeni onse kuyambira woyamba, muli ndi pepala pambali, chifukwa mfundo zimasintha m'njira. Imelo yachinayi inati maphunziro achitike Lachiwiri, koma ya nambala 15 inawasunthira Lachinayi. Mukalemba zomwe mukukumbukira, mudzaitanira anthu tsiku lolakwika.

Povuta penipeni ndi kusiyanitsa chomwe chavomerezedwa ndi chomwe munthu wangoganizira. Wina akalemba kuti "bwanji tichitire ku holo ya tchalitchi?" ndipo palibe wayankha, malo sanapezeke. Kukhala chete si kuvomera, makamaka kwathu kuno komwe ambiri safuna kutsutsa bwana pagulu. Mfundo muiwerenge kuti yamangidwa pokhapokha amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo wanena kuti eya. Zinazo zikhale mafunso, ndipo funso lililonse likhale ndi woliyankha. Fufuzaninso ngati wina anadina Reply m'malo mwa Reply All, poti yankho lake linafika kwa munthu mmodzi yekha, enawo sakulidziwa.

Uthengawo ungaoneke motere: "Tagwirizana kuti maphunziro achitika Lachinayi pa 12, anthu 30. A zachuma atulutse ndalama za thiransipoti pofika Lolemba pa 9. A mlembi atumize makalata oitanira anthu mawa. Malo sanadziwike, tikupempha bwana asankhe pakati pa holo ya tchalitchi ndi ya sukulu pofika Lachisanu pa 6. Ngati ndalakwitsa penapake, mundiuze isanakwane 12 koloko mawa."

Taonani kuti ntchito iliyonse ili ndi mwini wake mmodzi komanso tsiku. Mawu akuti "tonse tione za chakudya" kapena "mwachangu" ndimawakana, chifukwa ntchito ya tonse imagona panja. Za amene anakangana ndi mnzake pa imelo yachisanu ndi chiwiri zisiyeni, zingodzutsa mkangano womwe unazirala kale.

Onse amene mwawapatsa ntchito muwaike pa To, ongofunika kudziwa pa Cc, pakuti ambiri akaona kuti ali pa Cc sawerenga bwinobwino. Pa Subject lembani kuti ndi zomwe mwagwirizana, ngakhale kuti mu Gmail kusintha mutu kumachititsa uthengawo kuima paokha. Bajeti yomaliza muiphatikizenso, chifukwa Reply satenga mafayilo a maimelo akale. Ikakwana 12 koloko wina atakonza mfundo, tumizani uthenga wonse wokonzedwa, osati kachidutswa kokha.