Tchati chimene chinatsala pang'ono kuchotsetsa mphunzitsi

Ndatopa kumva makomiti a sukulu akunena kuti "tchati chaonetsa kale", ngati kuti chithunzi cha manambala sichinganame. Pa ntchito yanga yosanthula ziwerengero ndaona zambiri zotere, koma nkhani imene imandivutitsabe ndi ya sukulu ina ya pulayimale m'boma la Angonia, kufupi ndi Ulongwe.

Komiti inapempha mnyamata wina wodziwa kompyuta kuti ayerekeze zotsatira za magulu awiri a kalasi ya 6. Iye anajambula mizati iwiri, wa gulu loyamba wosonyeza 90 peresenti ya okhoza, wa gulu lachiwiri wosonyeza 75 peresenti. Mzere wa m'mbali wosonyeza maperesenti sanauyambire pa 0 koma pa 70, choncho mzati woyamba unakwera masitepe 20 pamene wachiwiri unakwera 5 okha, ndipo m'maso mwa makolo gulu loyamba linaoneka lopambana kanayi. Msonkhano usanathe, anthu anali atagwirizana kulembera ofesi ya maphunziro ya boma kalata yopempha kuti mphunzitsi wa gulu lachiwiri asamutsidwe.

Amene analetsa kalatayo ndi mayi wina wa m'komitimo, amene anafunsa wapampando kuti: "Abambo, nanga ana aja anasiya sukulu nthawi yokumba mbatata ya kachewere, ali pati pa chithunzichi?"

Atatsegula kaundula anapeza kuti gulu lililonse linayamba chaka ndi ana 60. M'gulu loyamba ana 20 anasiyira panjira, ambiri mwa iwo ofooka m'kalasi, ndipo mwa 40 otsalawo 36 anafika pa malikisi 10 mwa 20 ofunika kuti mwana akhoze. Ndiko kunachokera 90 peresenti ija. M'gulu lachiwiri mphunzitsi ankatsatira ojomba kunyumba kwawo, moti ana 56 anafika kumapeto ndipo 42 anakhoza, kutanthauza 75 peresenti. Tikawerengera ana onse amene analembetsa, gulu loyamba linakhozetsa 36 mwa 60, yomwe ndi 60 peresenti, pamene lachiwiri linakhozetsa 42 mwa 60, yomwe ndi 70 peresenti. Mphunzitsi amene ankafuna kumuchotsa uja ndi amene anapititsa ana ambiri patsogolo, ndipo chimene chinatsitsa peresenti yake n'chakuti sanalole kuti ofooka atayike.

Mnyamatayo sanali ndi cholinga choipa, koma zimenezo sizichepetsa vuto. Kukhala ndi laputopu sikutanthauza kudziwa ziwerengero, ndipo pulogalamu ngati Excel nthawi zina imasankha yokha poyambira mzere wa m'mbali ngati manambala ali oyandikana. Chenjerani ndi aliyense wokubweretserani peresenti koma osatha kunena kuti ndi ana angati mwa angati, makamaka akamakana kuonetsa kaundula.

Funso loti ndi ana angati mwa angati lifunsidwe mumsonkhano momwemo, wapampando asanasayine chilichonse. Kalata ikangofika ku ofesi ya boma imalowa m'failo, ndipo ngakhale komiti itadzalemba ina yopepesa, mphunzitsi amakhala atamveka kale m'mudzi monse kuti ndi wolephera ntchito.