Gemu ikutseguka koma pa intaneti ikukukanani? PS5 yanu sinawonongeke

Pafupifupi sabata iliyonse pamabwera munthu kumalo anga okonzera makina a magemu atanyamula PS5 m'chikwama, nkhope ili gwaa, n'kundiuza kuti makina afa mbali ya intaneti. Ndimafunsa funso limodzi ndisanagwire n'komwe chingwe: gemuyo munagula ndinu? Yankho limakhala lomwelomwelo. Anagula ndi achimwene, kapena mnzawo, ndipo “anangowagawirako”. Zikatero ndimadziwiratu kuti palibe chomasula, palibe chopukuta, ndipo ndalama imene munthuyo wakonzera kundilipira akanatha kuisunga.

Chimene anthu sachimvetsa n'chakuti pali ziphaso ziwiri zosiyana. Choyamba ndi cha gemu yeniyeniyo, chimene chimakhala pa akaunti imene inalipira. Chachiwiri ndi chosewerera ndi anthu ena pa intaneti, chimene chimabwera ndi PlayStation Plus, ndipo nachonso chimakhala pa akaunti imene inalipira. Ziphasozi sizikhala m'makina. Mutha kukhala ndi gemu yonse yathunthu mu PS5 yanu, yotsitsidwa bwinobwino ndi bandulo yanu, koma chiphaso chake chili kwa munthu amene ali ku Joni.

Mwini akaunti amayenda nazo ziphaso zake kulikonse. Akalowa pa makina alionse ndi akaunti yake, ali pa intaneti, amasewera. Koma kuti anthu ena agwiritseko ntchito ziphasozo kudzera pa maakaunti awoawo, mwiniyo ayenera kusankha makina amodzi okha oti akhale ngati kwawo kwa akauntiyo. Pa PS5 kusankhako kumachitikira apa, mutalowa ndi akaunti ya mwiniyo:

```
Settings > Users and Accounts > Other >
Console Sharing and Offline Play > Enable
```

Makina amodzi, osati awiri. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akaunti imodzi imaloledwa PS5 imodzi yotere, ndi PS4 imodzi, komwe mawu ake amalembedwa kuti Activate as Your Primary PS4. Aliyense wolowa pa makina osankhidwawo amatsegula magemu a mwiniyo, ndipo ngati mwiniyo ali ndi PlayStation Plus, amaseweranso pa intaneti osalipira yake. Pa makina ena onse, ziphasozo zimagwira kwa mwini yekhayo basi.

Ndiye kuti anthu awiri agawane bwino, zinthu zimakhala ngati zotembenuzika. Makina amene asankhidwe si a mwini akaunti, koma a winayo. Wachiwiriyo amasewera ndi akaunti yakeyake pa makina ake, mwiniyo amasewera ndi akaunti yake pa makina ake, ndipo onse awiri atha kulowa gemu imodzi nthawi imodzi, ngakhale kupikisana okhaokha. Mtengo wake amalipira ndi mwiniyo: makina ake tsopano ndi achilendo kwa akaunti yake, choncho amafunika intaneti kuti chiphaso chitsimikizike. Bandulo ikatha, gemu imene anagula ndi ndalama zake imamutsekera. Ndipo mkazi wake kapena mwana wake akalowa ndi akaunti ina pa makina omwewo, amapeza kaloko pa chithunzi cha gemu.

Cholakwa chimene ndatopa nacho kwambiri n'chakuti wachiwiriyo amangolowa ndi akaunti ya mwiniyo n'kumasewerera momwemo. Masana zimayenda, chifukwa mwiniyo ali kuntchito. Madzulo akangoweruka n'kuyatsa makina ake, winayo amatulutsidwa mpira uli mkati, chifukwa akaunti imodzi singakhale pa intaneti pa ma PS5 awiri nthawi imodzi. Kenako amatukwana netiweki, amasintha simu, amagula rauta ina. Ngati mumatulutsidwa nthawi yofanana tsiku lililonse, funsani kaye mwini akauntiyo kuti amafika pakhomo nthawi yanji.

Koma nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya mnyamata wina wa ku Chilomoni. Mkulu wake amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anamutumizira PS5 kuti azisewera limodzi mpira wa EA SPORTS FC Loweruka lililonse. Anamupatsa akaunti imene anagulira gemuyo, anamuuza poti adine, ndipo mnyamatayo anachita zonse molondola. Console Sharing and Offline Play inali yoyatsa. Gemu inkatseguka pa akaunti yake popanda vuto, ankasewera ndi makina, ankasewera ndi anzake atakhala pampando umodzi. Koma akati alowe pa intaneti kuti akumane ndi mkulu wake, sikilini imamuuza kuti alembetse PlayStation Plus.

Atafika kwa ine anati, “Achimwene, mkulu wanga akuti analipira chaka chonse, ndipo iwo akusewera bwinobwino. Ndiye vuto ndi makina angawa.” Ndinalowa pa akaunti ya mkuluyo imene inali m'makinamo n'kutsegula mndandanda wa zimene inalembetsa. Munalibe PlayStation Plus. Tinawaimbira ku Joniko pomwepo. “Iyayi bambo, ndinalipira ndithu,” anatero, ndipo sankanama. Nditawafunsa kuti analipirira pa imelo iti, anakhala chete pang'ono, kenako anatchula ina.

Mkuluyo anali ndi maakaunti awiri. Malawi sapezeka pa mndandanda wa mayiko polembetsa akaunti ya PlayStation, choncho ambiri a ife timasankha South Africa, Britain kapena America, ndipo munthu amapezeka ali ndi awiri kapena atatu malinga ndi komwe anapeza khadi yothirira ndalama. Iyeyu gemu anagulira pa akaunti ya ku South Africa, pomwe PlayStation Plus analipirira pa akaunti yakale ya ku America. Kwa iye zinkayenda chifukwa akaunti ya ku America inali yosankhidwa pa makina ake a ku Joni. Akalowa ndi akaunti ya ku South Africa, gemu imamutsegukira monga mwini, ndipo intaneti amabwereka kwa akaunti yake inayo pa makina omwewo. Ku Chilomoni kunafika chiphaso chimodzi chokha.

Mkuluyo anaganiza msanga kuti angotumizanso akaunti ya ku America kuti tiyiyatse pa makina a mng'ono wake. Ndinamuletsa. Tikanatero mnyamatayo akanasewera ndithu, koma mkuluyo akanatsala m'madzi: pa makina ake, akaunti yokhala ndi gemu ilibe intaneti, yokhala ndi intaneti ilibe gemu, ndipo palibe imene ikubwereka inzake chifukwa zonse ziwiri zasankha makina a ku Blantyre. Njira zinalipo ziwiri zokha. Kaya mnyamatayo alipire PlayStation Plus pa akaunti yake, ndipo gawo lotchipa la Essential limakwana pa kusewera pa intaneti, kaya mkuluyo alembetse PlayStation Plus pa akaunti yomwe ili ndi gemu kuti ziphaso zonse ziwiri zikhale pamodzi. Anasankha yachiwiriyo. Titadina Restore Licenses, imene ili pa tsamba lomwelo la Other, mnyamatayo analowa pa intaneti mphindi zochepa chabe.

Chimandiwawa si chimenecho. Chimandiwawa n'chakuti asanafike kwa ine anali atataya miyezi iwiri. Anayamba wapita kwa munthu wina wamumsika amene anamuuza kuti makina “adzaza zinyalala”, n'kuwafufuta onse kuti abwerere ngati atsopano. Zonse zimene mnyamatayo anasunga m'magemu ake ena zinapita, ndipo poti akaunti yake inalibe PlayStation Plus, panalibe kopi ina iliyonse pa intaneti yoti n'kubweza. Kusungira pa intaneti sikugawidwa kwa anthu ena ngakhale pa makina osankhidwa, ndi kwa mwini yekha. Anatsitsanso gemu yonse ndi bandulo ina, ndipo uthenga uja unabweranso momwemo. Munthu amene wakuuzani kuti afufute makina chifukwa sikilini ikufuna PlayStation Plus sakudziwa chimene akuchita. Nyamulani katundu wanu muzipita.

Atachoka pamenepo anagwa m'manja mwa ogulitsa maakaunti pa WhatsApp. Awa ndiye ndimawaopa zedi. Amakugulitsani malo pa akaunti yokhala ndi PlayStation Plus pamtengo wotsika, amakupatsani imelo ndi pasiwedi, mumayatsa pa makina anu ndipo zimayendadi. Koma malo aja ndi amodzi, ndipo wogulitsayo ali ndi makasitomala ambiri. Akangopeza wina, malowo amawasamutsa, ndipo inu mumadzuka m'mawa mutatsekeredwa. Mnyamata wathu anasewera masabata atatu, nambala ya wogulitsayo inasiya kupezeka. Mulibe kokadandaula, chifukwa akauntiyo si yanu ndipo malamulo a Sony saloleza kugulitsa maakaunti. Mwinanso akauntiyo inali yobedwa.

Musanapite kwa aliyense, werengani bwino chimene sikilini ikunena, chifukwa chimakuuzani chiphaso chimene chikusowa. Ngati pali kaloko pa gemu ndipo sikutseguka n'komwe, makina anu sanasankhidwe, kapena mwiniyo wasamutsa chisankhocho mwina osadziwa, poyatsa pa makina ake pamene mwana wake analira kuti gemu yatsekeka. Ngati gemu ikutseguka koma ikufuna PlayStation Plus, ndiye akaunti yosankhidwa pa makina anu ilibe, kapena inatha nthawi. Zimenezi zimachitikanso kawirikawiri kwa amene ali ndi gemu ya pa disiki: disikiyo imatsegula gemu kwa aliyense, munthu n'kumaganiza kuti kugawana kukuyenda pomwe sikunayambe n'komwe. Ndipo musandiuze kuti Fortnite ikuyenda pa intaneti ndiye zonse zili bwino. Magemu aulere ngati amenewo safuna PlayStation Plus, choncho sakutsimikizira kanthu pa nkhani ya ziphaso.

Pokhapokha ngati palibe uthenga wa PlayStation Plus, mukulowa ndithu pa intaneti koma mukulephera kulumikizana ndi mnzanu, m'pamene ndimayamba kukayikira netiweki. Pamenepo ndimayendetsa Test Internet Connection n'kuona mzere wa NAT Type, umene umasonyeza ngati netiweki yanu ikulola makina anu kulumikizana mosavuta ndi a anthu ena. Ikakhala 3, monga zimakonda kukhalira pa intaneti ya pafoni, vutolo ndi lina ndipo kusinthasintha maakaunti sikungalithetse.

Chenjezo limodzi kwa amene makina awo osankhidwa anagulitsidwa, anabedwa kapena anafa. Mutha kuchotsa chisankhocho muli kutali, polowa mu akaunti yanu pa webusaiti ya PlayStation n'kuzimitsa makina onse nthawi imodzi. Koma zimenezi zimaloledwa kamodzi pa miyezi 6. Ndaonapo abale awiri atakangana, wina n'kudina batani limeneli mwaukali, patatha mwezi makina ake n'kubedwa akaunti ili momwemo. Ngati makinawo mungathe kuwafikira, zimitsirani pa makina pomwepo posankha Disable, ndipo mukatero sinthani pasiwedi tsiku lomwelo.