Sheya ikatsika mtengo pa tsiku la dividendi, palibe wakuberani

Mlimi wina wa kuno ku Kasungu atagulitsa fodya wake ku Chinkhoma anandipeza ndi maganizo awa: agule masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani, kutatsala tsiku limodzi kuti tsiku la dividendi lifike, alandire dividendiyo, mawa lake awagulitse. Ndinamuletsa.

Dividendi ndi gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Makampani a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre akamalengeza dividendi amatchula masiku angapo, koma loti muliyang'anitsitse ndi lolembedwa kuti ex-dividend date. Wogula sheya tsikuli lisanafike ndiye adzalandire dividendiyo. Wogula pa tsikuli kapena pambuyo pake salandira, ndalamayo imapita kwa amene wamugulitsa. Tsiku lolipira limabwera pambuyo, ndipo ngakhale mutakhala kuti masheya munagulitsa kale, ndalama yanu idzakupezani.

Nanga mtengo utsikiranji? Pamsika wa ziweto mbuzi ya bere imadula. Ikabereka, mwiniwake n'kutsala ndi kamwana, mayiyo sangagulidwenso pa mtengo uja. Sheya ndi chimodzimodzi. Dzulo inali ndi dividendi m'mimba, lero ilibe. Ndalamayo ikuchoka m'thumba la kampani, choncho chuma cha kampani chachepa ndi ndalama yomweyo, ndipo wogula wanzeru salipira chinthu chimene sadzalandira.

Tiyerekeze kuti sheya ili pa K200 ndipo dividendi ndi K10 pa sheya iliyonse. Mlimi uja wagula masheya 5,000 ndi K1,000,000. Kutacha, mtengo uli cha pa K190, masheya ake tsopano ndi a K950,000, ndipo akudikira dividendi ya K50,000. Mukaphatikiza ndi miliyoni yomwe ija. Koma pa K50,000 ija amayamba adulapo msonkho wa boma isanamufike, ndiponso buloka, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsikawo, amatenga komishoni yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Mlimiyo akubwerera kunyumba ndi ndalama zochepa kuposa zimene anapita nazo, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi ndalama ya thukuta la chaka chonse.

Sikuti mtengo umatsika ndi K10 ndendende. Tsiku lomwelo pakhoza kumveka nkhani yabwino ya kampaniyo, ogula n'kuchuluka, mtengo n'kukwera. Komanso msika wathu ndi waung'ono: masheya ena amatha masiku osagulidwa, ndiye mtengo umene mukuuona ndi wa malonda omaliza, omwe anachitika dividendi isanachoke. Mukafuna kugulitsa m'pamene mumapeza kuti ogula akutchula mtengo wotsikirapo.

Ndiye mukaona sheya yanu yatsika m'mawa wina, yambani mwayang'ana chilengezo cha kampani. Ngati ndi tsiku lija, ndipo yatsika ndi ndalama yoyandikira dividendi, khalani phee. Koma ngati dividendi ndi K10 ndipo sheya yagwa ndi K40, K30 inayo ili ndi chifukwa china, muimbireni buloka wanu akufotokozereni.